Mafunso ndi mayankho: kukonza bajeti ndi ndondomeko ya nthawi ya kafukufuku wa unamwino

Mafunso awa ndi omwe ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anamwino anzanga amene akulemba pempho la ndalama za kafukufuku koyamba. Poyankha ndikhala ndikubwerera ku chitsanzo chimodzi chongoyerekeza, kuti mawerengero aoneke bwino. Namwino wina, timutche mwini kafukufuku, akufuna kudziwa kuti mwa amayi obereka kudzera pa opaleshoni ndi angati omwe bala lawo limalowa matenda, ndiponso akufuna kucheza ndi anamwino 20 za momwe amalangizira amayiwo asanatuluke m'chipatala. Manambala onse a chitsanzochi ndi ophunzitsira chabe. Anu mukawatenge pa wodi yanu.

Ndiyambe ndi chiti, bajeti kapena ndondomeko ya nthawi?

Yambani ndi nthawi. Mbali yaikulu ya ndalama za kafukufuku wa unamwino imapita kwa anthu ogwira ntchito, ndipo anthuwo amalipidwa pa mwezi kapena pa tsiku. Simungadziwe kuti namwino wosonkhanitsa mayankho mudzamulipira zingati musanadziwe kuti adzakhala nanu miyezi ingati. Ambiri amachita zosemphana ndi izi. Amaona kuti bungwe lopereka ndalama likupereka mpaka zakutizakuti, n'kuyamba kugawa ndalamazo m'mizere mpaka zitakwana, kenaka n'kujambula tchati ya miyezi usiku woti mawa lake pempho litumizidwa. Wowerenga wodziwa ntchito amazindikira msanga, chifukwa tchati imanena kuti kusonkhanitsa mayankho kutenga miyezi 6 pomwe bajeti ikulipira wosonkhanitsayo miyezi 4.

Choncho dongosolo lake ndi ili: lembani ntchito zonse zomwe njira yanu ya kafukufuku ikufuna, pa ntchito iliyonse muikepo nthawi, kenaka mufunse kuti adzaigwira ndani ndipo adzafuna chiyani. Bajeti imabadwa pamenepo.

Ndingadziwe bwanji kuti kupeza anthu olowa m'kafukufuku kudzatenga miyezi ingati?

Funso ili ndilo mtima wa nkhani yonse, ndiye ndichedwapo.

Choyamba ndi chiwerengero cha anthu. Mwini kafukufuku wathu akuganiza kuti mwina amayi 20 mwa 100 alionse bala lawo limavuta, ndipo akufuna yankho losaphonya ndi maperesenti oposa 5 mbali iliyonse. Masamu ake odziwika ndi awa, pomwe n ndi chiwerengero cha amayi ofunika, p ndi gawo la omwe bala lawo limavuta, d ndi malire a kuphonya aja, ndipo 1.96 ndi nambala yokhazikika ya chitsimikizo cha 95 peresenti:

```
n = 1.96² × p × (1 − p) / d²
n = 1.96² × 0.2 × 0.8 / 0.05² = 246
```

Amayi 246 amenewa ndi oti awaone mpaka kumapeto. Bungwe la CDC, loona za kupewa matenda ku Amereka, limawerenga matenda a bala la opaleshoni yotere mpaka masiku 30, ndiye mayi aliyense ayenera kupezekanso patatha mwezi. Ena sadzapezeka: foni idzasiya kugwira, ena adzasamuka, ena sadzafunanso. Tinene kuti 15 mwa 100 adzasowa. Apa pali msampha womwe umakola anthu ambiri. Amachulukitsa 246 ndi 1.15 n'kupeza 283. Koma mwa 283 mukachotsa 15 peresenti mutsala ndi 240, osakwana. Choyenera ndi kugawa 246 ndi 0.85, ndipo yankho ndi 290. Amayi oti alembedwe ndi 290.

Tsopano pitani pa wodi, mupemphe kaundula, muwerenge mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu. Musafunse mkulu wa wodi kuti "pamabwera angati", chifukwa munthu amakumbukira masiku otanganidwa n'kuiwala ozizira. Mwini kafukufuku wathu wapeza kuti opaleshoni zimachitika pafupifupi 90 pa mwezi. Papepala, 290 kugawa ndi 90 ndi miyezi itatu ndi masiku ochepa, ndipo pempho lake loyamba analemba choncho. Koma 90 amenewa si onse olowa m'kafukufuku. Ena 15 sakukwanira zofunika: ndi odwala kwambiri, kapena alibe njira iliyonse yowapezeranso. Atsala 75. Namwino wa kafukufuku amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo amayi ena amatulutsidwa Loweruka ndi Lamlungu iye asanawaone. Tinene kuti mmodzi mwa asanu alionse amadutsa choncho. Atsala 60. Mwa omwe afunsidwa, mmodzi mwa asanu akukana, ndipo ndi ufulu wake. Atsala 48 pa mwezi.

Gawani 290 ndi 48, mupeza miyezi 6 ndi kanthu. Mwezi woyamba umayenda pang'onopang'ono nthawi zonse, pomwe namwino akuzolowera fomu ndipo ogwira ntchito pa wodi sanayambe kumukumbukira. Ndiye lembani miyezi 7. Onjezani mwezi umodzi wodikira mayi womaliza akwanitse masiku 30. Ntchito ya m'chipatala yafika miyezi 8, osati itatu.

Vutoli ndi lakale ndipo lili ndi dzina. Ofufuza amalitcha lamulo la Lasagna, potengera dokotala wa ku Amereka Louis Lasagna, yemwe ananena kuti odwala oyenera amaoneka ochuluka pokonza kafukufuku, n'kuchepa kafukufukuyo akangoyamba. Odwalawo sathawa ayi. Kungoti poyamba tinkawerenga onse olowa pakhomo, osati okhawo omwe angalembedwe.

Mawerengero amenewa aikeni m'pempho momwe alili: 90, 75, 60, 48. Ndime imodzi yotere imakhutiritsa wowerenga kuposa masamba awiri a malonjezo, chifukwa imaonetsa kuti wodi mukuidziwa.

Nanga ngati bungwe likupereka ndalama za miyezi 12 yokha?

Musafinye tchati kuti ikwane. Sinthani kafukufukuyo. Njira zilipo zitatu: kuonjezera chipatala china, kuonjezera wogwira ntchito, kapena kuchepetsa funso.

Iliyonse iwerengeni musanaisankhe. Mwachitsanzo, namwino wachiwiri wogwira Loweruka ndi Lamlungu akweza ofunsidwa kuchoka pa 60 kufika pa 75, ndipo ovomera akhala 60 pa mwezi. Miyezi 7 ija itsika kufika pa 6 mukaphatikiza kuyamba kozizira kuja. Mwapindula mwezi umodzi wokha, pomwe mwaonjezera malipiro ndi maphunziro a munthu wina. Chipatala chachiwiri chingadule nthawi pakati, koma chimabwera ndi chilolezo chake, maulendo ake ndi namwino wakewake. Ine ndikaona kuti nthawi ndi yochepadi, ndimakonda kuchepetsa funso. M'chitsanzo chathu, mwini kafukufuku angapemphe ndalama za kafukufuku woyesera wa amayi ochepa, wofuna kuona ngati kuwatsatira masiku 30 n'kotheka, kenaka adzapemphe zazikulu ali ndi manambala enieni m'manja.

Chilolezo cha komiti yoteteza anthu pa kafukufuku ndichipatse nthawi yochuluka bwanji?

Palibe munthu amene mungamulembe m'kafukufuku chilolezochi chisanatuluke. Chikalata cha Helsinki, chomwe bungwe la World Medical Association linachikhazikitsa mu 1964 ndipo lakhala likuchikonzanso, chimafuna kuti komiti yoima payokha ivomereze dongosolo la kafukufuku asanayambe. Ndiye funsani komiti yanu zinthu zitatu: imakumana liti, mapepala ayenera kufika masiku angati msonkhano usanachitike, ndipo imalipiritsa motani. Makomiti ena amalipiritsa ndalama yokhazikika, ena amatenga gawo la bajeti yonse, ndipo kusiyana kwake kungakhale kwakukulu.

Konzekerani kuti pempho lidzabwerera kamodzi. Si chizindikiro chakuti mwalemba zoipa, ndi momwe ntchitoyi imayendera. Afunsa kuti fomu yovomera ikhale m'chilankhulo cha odwala, kuti mufotokoze komwe mayi wopezeka ndi bala lovuta adzatumizidwa, kapena kuti mayankho adzasungidwa pati. Mukaphonya tsiku lotumizira zokonzazo, mudikira msonkhano wina. Pambali pa komiti palinso kalata ya akuluakulu a chipatala, ndipo nthawi zina komiti imafuna kalatayo kaye pomwe chipatala chikufuna chilolezo cha komiti kaye. Dziwani msanga kuti woyamba ndani.

M'chitsanzo chathu ndaika miyezi 4 ya zonsezi pamodzi ndi kusaina mgwirizano ndi bungwe lopereka ndalama. Kumbukiraninso kuti makomiti ambiri amapereka chilolezo cha chaka chimodzi, ndiye kafukufuku wopitirira chaka amafuna lipoti ndi kupemphanso, mwinanso ndi malipiro. Ngati wanu ndi woyesa chithandizo pa magulu a odwala, magazini a zachipatala otsatira malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a magazini oterewa, amafuna kuti alembetsedwe m'kaundula wa anthu onse wodwala woyamba asanalowe. Ntchito imeneyi nayo ikhale pa tchati.

Ndiye ndondomeko yonse ikuoneka bwanji?

Miyezi 1 mpaka 4 ndi ya mgwirizano, chilolezo, kumasulira mafomu ndi kuitanitsa zipangizo. Mwezi wa 5 ndi wophunzitsa namwino ndi kuyesa fomu pa amayi ochepa omwe sadzawerengedwa. Miyezi 6 mpaka 12 ndi yolemba amayi, ndipo mwezi wa 13 ndi womaliza kuwatsatira. Kucheza ndi anamwino 20 kulowe pakati, m'miyezi 9 ndi 10, ntchito ya pa wodi itakhazikika. Miyezi 14 ndi 15 ndi yoyeretsa ndi kusanthula deta, 16 ndi 17 yolemba, ndipo wa 18 ndi wobweza zotsatira ku wodi ndi kupereka malipoti omaliza, a ntchito ndi a ndalama. Zonse pamodzi ndi miyezi 18.

Jambulani izi pa tchati ya Gantt, ntchito m'mizere, miyezi pamwamba. Lembani "mwezi 1, mwezi 2" m'malo mwa Januwale ndi Febuluwale, chifukwa tsiku lomwe ndalama zidzafike simulidziwa. Pa tchatiyo zindikirani ntchito zomangirirana, zomwe ina singayambe inzake isanathe: chilolezo, kuyesa fomu, kulemba amayi, kuwatsatira, kusanthula. Imodzi mwa izi ikachedwa sabata ziwiri, tsiku lomaliza limasuntha sabata ziwiri. Zina, monga kucheza ndi anamwino, zili ndi mpata wosuntha popanda kuononga kanthu. Nthawi yapadera ya zadzidzidzi muiike pa zomangirirana zija.

Onaninso kalendala yanu. Ngati mumaphunzitsa, mwezi wa mayeso si mwezi wosanthula deta.

Malipiro a ogwira ntchito ndiwawerenge motani? Anamwino a pa wodi sangangothandiza?

Werengani pa munthu aliyense: malipiro a mwezi, kuchulukitsa ndi gawo la nthawi yomwe adzapereke, kuchulukitsa ndi miyezi. Namwino wa kafukufuku m'chitsanzo chathu ayamba mwezi wa 5 n'kumaliza wa 13, ndiye ndi miyezi 9 ya nthawi yonse. Pempho loyamba lija likanamulipira miyezi 4 kapena 5 basi. Mwini kafukufuku akapereka tsiku limodzi pa sabata, ndiye 20 peresenti ya nthawi yake kwa miyezi 18. Katswiri wa masamu a kafukufuku amawerengedwa pa masiku, ndipo musamuike kumapeto kokha. Mpatseni masiku awiri kapena atatu poyamba kuti aone fomu isanayambe kugwira ntchito, chifukwa funso lofunsidwa molakwika silikonzeka posanthula.

Mlingo wa malipiro mutenge ku ofesi yoona za antchito kapena ya zachuma ya bungwe lanu, osati m'mutu. Afunseninso zoonjezera zomwe olemba ntchito amalipira pamwamba pa malipiro, monga penshoni, inshuwalansi ndi ndalama zothera kontirakiti. Zimenezi zikaiwalika zimadya mzere wina.

Za anamwino a pa wodi, ndinene mosabisa: musawadalire kuti adzakudzazirani mafomu ali pa ntchito yawo. Ine ndinachitapo zimenezi pa kafukufuku wanga woyamba. Anzanga anavomera ndi mtima wonse, ndipo sabata yoyamba mafomu ankabwera odzaza bwino. Pofika sabata yachitatu ndinkapeza envulopu ili pansi pa mafailo a odwala, mafomu ena atalembedwa dzina ndi zaka zokha. Namwino wina anandiuza kuti, "Asisita, usiku uja ndinali ndi odwala atatu ovuta nthawi imodzi, fomu yanu ndikanaigwira ndi dzanja liti?" Ankanena zoona. Wodwala ndiye woyamba. Palinso china: mayi amene akufunsidwa kulowa m'kafukufuku ndi namwino yemwe akumutsuka bala zimamuvuta kukana, ndipo komiti idzafunsa zimenezi. Lipirani munthu wapadera. Anamwino a pa wodi muwapemphe chinthu chimodzi chopepuka, kudziwitsa namwino wa kafukufuku kuti pali mayi woyenera, ndipo muike mu bajeti msonkhano wowafotokozera kafukufukuyo pa mashifiti onse, a usiku omwe.

Kucheza ndi anthu 20 kokha kungadye nthawi yanji?

Kuchezako si kumene kumadya nthawi. Chimene chimadya ndi kulemba zomwe zajambulidwa. Ola limodzi la mawu limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti lilembedwe liwu ndi liwu, ndipo limaposa apo ngati panali phokoso kapena anthu ankalankhula modulana. Tengani maola 5. Macheza 20 a ola limodzi ndi maola 100. Ngati ayenera kumasuliridwa m'chilankhulo china, ikani nthawi ina yofanana nayo, ndipo zakwana maola 200, omwe ndi masiku 25 a maola 8. Palibe amene amamvetsera ndi kulemba maola 8 tsiku ndi tsiku osayamba kulakwitsa, ndiye pa tchati ikani sabata 6 kapena 7. Pamwamba pake inuyo muyenera kumvetsera zina n'kufananiza ndi zolembedwa.

Mapulogalamu a pa kompyuta osanthulira ndi kusonkhanitsira deta nawo amasiyana. NVivo ndi SPSS ndi ogula, pomwe R ndi yaulere, ndipo KoboToolbox ili ndi gawo laulere losonkhanitsira mayankho pa tabuleti. Musanalembe laisensi mu bajeti, funsani ngati bungwe lanu lilibe kale.

Ndi zinthu ziti zomwe anthu amaiwala kawirikawiri?

Zambiri ndi zazing'ono zomwe zimakula zikachulukitsidwa ndi chiwerengero cha anthu. Fomu yovomera imasainidwa iwiri, ina ya mayi, ina yanu. Ikakhala ya masamba 4, ndiye 290 kuchulukitsa ndi 2 kuchulukitsa ndi 4, masamba 2,320. Pepala lofotokoza kafukufuku limapita kwa aliyense wofunsidwa, ngakhale wokana, ndiye mufuna oposa 360, osati 290. Ndalama yobwezera mayi ulendo wa pa tsiku la 30 muiwerenge pa onse 290, chifukwa simudziwa amene adzasowe. Mayunitsi a foni muwawerenge poganiza kuti mayi mmodzi mungamuimbire katatu asanayankhe. Ndalama yopatsa olowa m'kafukufuku ikhale yobwezera zomwe aononga ndi nthawi yawo, isakhale yaikulu moti munthu n'kuvomera chifukwa cha iyo. Funsani komiti ngati ili ndi mlingo wake.

Ganizaninso za magolovesi ndi zomangira bala pa tsiku loonanso amayi. Musatenge za wodi, ndi za odwala a pa wodi. Kabati yokhoma yosungira mafomu, maphunziro a kayendetsedwe kabwino ka kafukufuku pa anthu, ndalama zomwe banki imadula, ndi kufufuza mabuku a ndalama ngati bungwe likufuna, zonsezi zimafuna mzere.

Chomaliza ndi kusindikiza. Magazini ambiri oti aliyense awerenge kwaulere amalipiritsa wolemba, ndipo nthawi zambiri nkhani imavomerezedwa patapita miyezi, akaunti ya kafukufuku itatsekedwa. Funsani bungwelo musanatumize pempho: kodi ali ndi thumba lapadera la zimenezi, kapena amalola kuti ndalamayo isungidwe? Onaninso ngati magazini omwe mukuwafuna amachotsera kapena kukhululukira olemba ochokera m'maiko osauka, chifukwa ambiri amatero.

Ofesi yathu ya zachuma ikuti ndiikepo gawo la bungwe. Ndi chiyani, ndipo ndiliwerenge bwanji?

Ndalama za bajeti zili m'magulu awiri. Zina ndi zolunjika pa kafukufuku wanu, monga namwino uja ndi mafomu. Zina ndi zoyendetsera bungwe lomwe likukusungani: magetsi, chipinda, akauntanti amene adzalemba malipoti anu. Gulu lachiwirili limawerengedwa ngati peresenti ya loyamba, ndipo aliyense wopereka ndalama ali ndi malire ake. Mwachitsanzo NIH, bungwe la boma la Amereka lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, imalola 8 peresenti ku mabungwe a kunja kwa dzikolo. Mlingo womwe bungwe lanu likufuna ukaposa womwe woperekayo amalola, nkhaniyo ikambidwe ndi akuluakulu anu msanga, ndipo mgwirizano wake ulembedwe.

Choti mufunse ndi chakuti: malire a ndalama omwe alengezedwa akuphatikiza gawoli kapena ayi? Tiyerekeze kuti malire ndi madola 30,000, zonse zili momwemo, ndipo gawo la bungwe ndi 15 peresenti. Ndalama zomwe mungagwiritse ntchito ndi 30,000 kugawa ndi 1.15, omwe ndi madola 26,087. Otsalawo, 3,913, ndi a bungwe. Wokonza bajeti ya 30,000 yathunthu n'kukumbukira gawoli tsiku lomaliza amayamba kudula mizere mothamanga, ndipo yomwe imayamba kudulidwa ndi yotsatira odwala ndi yobweza zotsatira, yomwenso ili yofunika.

Kaonaneni ndi akauntanti mwezi wathunthu tsiku lotseka lisanafike. Mabungwe ambiri satumiza pempho popanda siginecha ya ofesi imeneyi, ndipo nawonso ali ndi mzere wa anthu owadikira.

Mitengo ikakwera kapena ndalama ikasintha mphamvu, ndidzatani? Ndingaike mzere wa zadzidzidzi?

Pakati pa tsiku lomwe mukutenga kotesheni ndi tsiku lomwe mudzagule pangapite chaka. Choncho kotesheni iliyonse ikhale ndi deti, ndipo pa zinthu za chaka chachiwiri, makamaka malipiro, onjezani peresenti ya kukwera kwa mitengo n'kunena komwe mwaitenga. Ngati bungwe likupereka m'ndalama ya dziko lina, lembani mlingo wosinthira womwe mwagwiritsa ntchito ndi tsiku lake, ndipo muwerenge malamulo awo kuti mudziwe amene amasenza kusiyanako. Nthawi zambiri ndi inu.

Mzere wa zadzidzidzi mabungwe ena amaulola, ena amaukana ndithu. Akaukana, musaubise pokweza mitengo ya zinthu zina, chifukwa pamapeto pake malisiti adzafunidwa. Chitetezo chanu chikhale m'mawerengero oona: miyezi 7 m'malo mwa 6, mafomu oonjezera 10 pa 100 alionse a oonongeka, mafoni atatu pa mayi mmodzi. Zoterezi mungaziikire kumbuyo pamaso pa aliyense.

Funsaninso momwe ndalama zimabwerera. Ena amapereka m'magawo, gawo lachiwiri likudikira lipoti la loyamba. Ena amabweza mutaononga kale zanu. Ngati ndi choncho, dziwani ngati bungwe lanu lingayambe lalipira namwino podikira, apo ayi adzakhala miyezi iwiri osalandira n'kukapeza ntchito ina kafukufuku ali pakati.

Ndikachepetsa bajeti, mwayi wanga wopambana sukula?

Kawirikawiri ayi. Owerenga mapempho safuna wotsika mtengo, amafuna woti ntchito aimaliza. Bajeti yoonda imawauza kuti wolembayo sakudziwa zomwe ntchitoyi imafuna, monganso yonenepa imawauza kuti akufuna kugulira ofesi makompyuta. Ndipo mukapambana ndi bajeti yoperewera, mwasaina kuti mudzachita ntchito yonse ndi ndalama zosakwana.

Chomwe chimathandiza ndi tsamba lofotokoza bajeti. Mzere uliwonse unene chinthu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, ndi ntchito yomwe chikugwira. M'malo molemba "maulendo" n'kuika ndalama yozungulira, lembani kuti "kubwezera amayi 290 ulendo umodzi wodzaonetsa bala pa tsiku la 30". M'malo mwa "wothandiza", lembani kuti "namwino mmodzi, nthawi yonse, mwezi 5 mpaka 13, wolemba amayi pafupifupi 48 pa mwezi ndi kuwatsatira". Zomwe bungwe lanu likupereka kwaulere, monga chipinda kapena nthawi ya wokuyang'anirani, zitchuleninso, kuti wowerenga asaganize kuti mwaziiwala.

Musanatumize, yalani mapepala atatu patebulo: njira ya kafukufuku, tchati ndi bajeti. Tengani cholembera, muwerenge njirayo chiganizo ndi chiganizo. Paliponse pomwe palembedwa kuti chinthu chidzachitika, chipezeni pa tchati, kenaka mu bajeti. Mukatha bwererani chambuyo, kuyambira pa bajeti, muone ngati pali mzere wopanda ntchito yake. Pemphani mnzanu amene sanalembe nawo achitenso chimodzimodzi. Pa spuredishiti, mitengo ndi ziwerengero zikhale m'mabokosi awoawo ndipo zophatikiza zizidziwerengera zokha, kuti 290 akasintha, mizere yonse yodalira nambalayo isinthire limodzi.

Bungwe likavomera koma n'kudula ndalama, musangoti zikomo. Auzeni ntchito yomwe ichoke. M'chitsanzo chathu, macheza ndi anamwino angachoke onse, ndipo funso lalikulu lidzayankhidwabe. Kuchepetsa amayi kufika pa 200 ndiye kungaononge kafukufuku yense.

Ndalama ndalandira, koma ntchito ikuchedwa. Ndizindikira bwanji msanga, ndipo ndichite chiyani?

Pachikani pakhoma pepala la mizere iwiri, wina wa amayi omwe munayenera kukhala mutalemba, wina wa omwe mwalembadi, ndipo muzilidzaza Lachisanu lililonse. Pa 48 pa mwezi, sabata iliyonse iyenera kubweretsa 11 kapena 12. Mukaona 7 sabata zitatu zotsatizana, musadikire kuti mwezi wamawa zikhala bwino. Pa 7 pa sabata, amayi 290 afuna sabata 42, pafupifupi miyezi 10.

Kuti mudziwe pomwe pakudontha, namwino azisunga kaundula wa amayi onse ochitidwa opaleshoni, wopanda maina, wonena chifukwa chomwe aliyense sanalowere. Ngati ambiri akudutsa osaonedwa, vuto ndi maola a ntchito, ndipo mwina kungosuntha nthawi yomwe namwino amafika pa wodi kuti ikhale madokotala asanayambe kutulutsa odwala n'kokwanira. Ngati ambiri akukana, mvetserani momwe akufotokozeredwa ndiponso nthawi yake. Mayi amene ali ndi ululu pa tsiku loyamba sangamvetsere masamba anayi. Ngati ambiri sakukwanira zofunika, mwina malire anu ndi opanikiza, koma kuwasintha kumafuna chilolezo cha komiti, ndipo chimenecho chimatenganso nthawi.

Mwezi uliwonse fananizaninso gawo la ndalama zomwe zapita ndi gawo la ntchito yomwe yachitika. Theka la ndalama za namwino likatha amayi olembedwa ali 90 okha, uzani bungwe lopereka ndalama nthawi yomweyo. Ambiri amalola kusuntha ndalama pang'ono pakati pa mizere, koma kupitirira malire awo kumafuna kalata yovomereza musanaononge. Ambirinso amalola kuonjezera nthawi popanda kuonjezera ndalama, bola mupemphe tsiku lotseka lisanafike, ena amatchula kuti pakhale masiku angati. Dziwani kuti nthawi yoonjezerayo ilibe malipiro atsopano. Ithandiza ngati chotsala ndi kusanthula ndi kulemba, zomwe mungachite nokha. Ngati chotsala ndi kulemba amayi miyezi ina itatu, namwino uja afunabe kulipidwa, ndiye kalata yanu inene mzere womwe malipirowo achokere ndi ntchito yomwe ichepe kuti zitheke.